Tsiku Limene Bambo Anagawa Makina Osokera

Bambo anga ndi telala, ndipo anzawo amawatcha a Chingwe chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Msoko ukakhota pang'ono amaphwasula wonse. Ndiye achimwene atawagulira wotchi yoyeza mtima, bambo anapsa mtima kumva kuti mtima wawo sugunda molingana ngati makina. Achimwene anawafotokozera kuti mtima umathamangako pang'ono munthu akamakoka mpweya, n'kuchedwako akamatulutsa. Wotchiyo imayeza kusiyana kwa timipata ta pakati pa kugundako, ndipo thupi likapuma bwino nambala imakwera. Kuyambira pamenepo nambala yawo, yomwe inkasewera m'ma 40, ankaiuza kasitomala aliyense, ofuna ndi osafuna omwe.

Lachiwiri lina m'mawa wotchi inati 24. Bambo anabwerera m'bulangete, n'kuitanitsa malume, amene akhala akusirira makina osokera a bambo zaka makumi awiri.

“Alamu, zanga zada. Tengani makina.”

Malume anapukuta m'maso mouma gwa, koma wilibala anali atabwera nayo kale. Ine ndinangoima pakhomo n'kumaonerera. Mantha ndinali nawo, ndisaname.

Malume atangotuluka pageti ndi makinawo, kunafika a nesi ena kudzatenga yunifolomu yawo. Ndinawalowetsa kuchipinda.

“A telala, pachifuwa pakupweteka? Mukubanika? Chizungulire?”

“Ayi. Koma 24, mayi.”

“Mwagona maola angati?”

“Anayi. Ndimamaliza madiresi a ukwati.”

“Ndi mabotolo awiri,” amayi anaponyamo ali kukhitchini.

A nesi anaseka mpaka kugwira chitseko. “Kusagona, mowa, nkhawa, ngakhale chimfine chikamabwera, zonsezi zimatsitsa nambalayi. Inu munthu akangochoka kuphwando mimba ili ndendende, mungamuyeze m'chiuno n'kumusokera thalauza?”

“Ndingamuuze abwerenso mawa,” bambo anayankha monyada.

“Wotchinso ipatseni mawa. Muziona mmene nambala yanu ikuyendera pa masabata, osati m'mawa umodzi, ndipo osayerekeza ndi ya munthu wina. Ikakhala pansi masiku ambiri, kapena mukamva kupweteka pachifuwa, bwerani kuchipatala msanga. Nanga yunifolomu yanga?”

“Yangotsala mabatani ndi kupinda m'munsi.”

“Mupinda ndi chiyani?”

Bambo anayang'ana pakona pamene pamakhala makina. Panali timaulusi ndi madontho a oyilo basi.

Sindinaonepo munthu wakufa akuthamanga chonchija. Anatuluka opanda nsapato, tepi ikuuluka kumbuyo, n'kukawapeza malume pachitunda akupumira wilibala.

“Alamu, si paja mumamwalira?”

“Ndasintha maganizo!”

Bambo anakankha okha wilibala mpaka kunyumba, thukuta lili kamukamu. Makina atayamba kulira, ine ndinakabisala kubafa n'kulira nawo, chifukwa m'mawa wonse ndinkaganiza kuti phokoso limenelo sindidzalimvanso.