Msomali wa pamwamba

Tchuthi cha Fomu 3 ndinkathandiza bambo kutayipa makalata. Iwo anali kalaliki wamkulu pa nyumba yosungira katundu kufupi ndi doko. Tsiku lina lobwera sitima, masana, ndinapeza ofesi ili pululu, chitseko chosakhoma. Ndinakwera pampando, nkutsitsa wotchi ya pakhoma, nkuyithamangitsa ndi mphindi makumi anayi. Madzulo amuna akuluakulu anaweruka dzuwa likadali mmwamba, akudabwa kuti tsiku lafulumira. Mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha.

Chimene sindinaone nchakuti khomalo linali ndi misomali iwiri. Pobwezera, wotchi ija ndinaikoleka pa msomali wa pamwamba, ndipo inakhala pamwamba pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Ngakhale mwana wa Sitandade 1 ankadziwa kuti palibe chinthu chimapachikidwa pamwamba kuposa chithunzicho.

Woyamba kuona mmawa mwake anali wapampando wa nthambi ya chipani, amene anabwera kudzafunsa za matumba ake a chinangwa. Sanakalipe. Anangoyang'ana khoma, kenaka nkufunsa kuti amasamala muofesimu ndani. Maso onse anapita kwa amesenjala, munthu wa ku Chikale wa ana asanu, amene ankasunga makiyi ndi kupukuta fumbi. Wapampando anati abweranso itakwana thuu koloko kudzaona chenjezo lomaliza, lolembedwamo kuti munthuyu wanyoza.

Atangotuluka ndinaulula kwa bambo. Sanandimenye, ndipo nchimene chinandiopsa kwambiri. Anatseka chitseko, nkuitana amesenjala kuti afotokoze mbali yawo. Iwo anati wotchi sanaikhudze, koma anavomera kuti dzulo masana anathamangira kumsika kukagula usipa osakhoma ofesi, ndipo mmawa anasesa osakweza maso. Za ine anazindikira okha. Anandiyang'ana kamodzi basi.

Bambo anatulutsa fayilo. Ankalankhula motsitsa mawu ngati akudziuza okha. Anati chenjezo la pakamwa likanakhala labwino, koma amesenjala anali atalandira kale limodzi miyezi iwiri yapitayo pa nkhani yomweyi ya chitseko, ndipo tsiku lake linalembedwa mufayilo. Lomaliza limaperekedwa kwa munthu amene walemberedwa kale kalata osasintha, kapena amene wachita mlandu waukulu. Kuti chitseko chikhale mlandu waukulu panafunika mawu aja akuti kunyoza, ndipo kalata yotere kope lake limapita ku likulu. Tonse tinkadziwa anthu amene ananyamulidwa pa Landirova chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

"Ada, ntchito iwonongeke, palibe kanthu," anatero amesenjala. "Koma mawu amenewo musalembe."

"Ndilemba chimene mwalakwa, ada," anayankha bambo. "China ayi."

Wotayipa ndinali ine. Bambo anayamba ndi "katundu wa pakhoma anasunthidwa", kenaka anandiuza kuti ndichotse pepalalo, chifukwa woliwerenga adzafunsa kuti katundu wanji. Analing'amba tizidutswa nkuika mthumba la malaya. Pepala lachiwiri ndinaliwononga ndekha, ndinatayipa chenjezo ndi z awiri.

Pepala lachitatu linatuluka lalifupi. Pamutu panali Chenjezo Loyamba Lolembedwa. Linanena tsiku ndi nthawi imene ofesi inasiyidwa yosakhoma, linakumbutsa chenjezo la pakamwa lija, linati kuyambira lero chitseko chizikhomedwa nthawi iliyonse akatuluka ndipo chipinda chiziyenderedwa mmawa uliwonse. Linati likhala mufayilo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zikachitikanso mkati mwa nthawiyo chotsatira ndi chenjezo lomaliza. Mawu amphamvu kuposa onse anali kusasamala. Amesenjala anawerengeredwa mu Chitonga, nkusaina kuti alandira.

Wapampando anafika nthawi yake. Anawerenga ataimirira, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Ine ndinkanamizira kusintha riboni ya makina.

"Chithunzi chili pati mu kalatayi?"

Bambo anayankha kuti palibe amene anaona amesenjala akugwira wotchi, ndipo akalemba zopanda umboni, akulikulu adzatumiza anthu kudzafunsa aliyense amene analowa muofesimo masiku awiriwo, ngakhale alendo. Anati iwo akungotsata masitepe amene buku la malamulo a ntchito linaika.

Wapampando anayang'ananso kalatayo. Sindikudziwa ngati anawerengera kuti nayenso analowamo. Anabweza kalata, nkunena kuti msomali wa pamwambawo uzulidwe iye akuona. Amesenjala anakwera pampando nkuuzula ndi pulayala, koma unagwa pansi nkugudubuzikira kunsi kwa kabati.

Sabata yonse tinkamvetsera galimoto iliyonse yotsika phiri kulowa mtauni. Palibe inaima pakhomo pathu. Amesenjala anapitiriza ntchito, koma kuyambira pamenepo ankakhoma chitseko ngakhale popita kukataya madzi, ine ndili mkati momwemo ndikutayipa.