Nambala ya Amalume a Hannah

Pa Tsangano palibe amene sadziwa kashopu ka Hannah. Kali pakati pa ogulitsa matumba a kachewere ndi okonza njinga, ndipo mkatimo muli laputopu, makina osindikizira mapepala ndi mpando umodzi wa makasitomala. Ntchito imene inamutchukitsa mtsikanayu ndi yomwe anzake amaiona ngati yotopetsa: kutola mayina, manambala a foni ndi ma imelo pachithunzi cha mndandanda, n'kuziika m'fayilo yoti foni imeze kamodzi.

Alembi a makwaya, a makalabu a alimi ndi a makomiti a maukwati amabwera ndi sikirinishoti, akudandaula kuti zala zatopa n'kulemba mmodzimmodzi. Hannah amatsegula chithunzicho ndi pulogalamu yowerenga zilembo, n'kukopera zonse m'tebulo: dzina danga lake, nambala danga lake, imelo danga lake. Kenako amayamba kukangana nayo pulogalamuyo, chifukwa ili ndi chizolowezi choona ziro ngati chilembo O, wani ngati l, ndiponso kumeza kadontho ka mu imelo. Mzere uliwonse amaufananitsa ndi chithunzi. Akatero amasunga tebulolo ngati fayilo ya CSV, n'kuilowetsa ku akaunti ya mwini foni, mayina onse n'kutulukira m'foni ali ndondondo.

"Ine sindiphonya," amatero akulandira makasitomala. Kudzitama ankadzitama ndithu, koma tinene zoona, zaka zonsezi palibe anabwerako kudzadandaula.

Chaka chomwe tikunenachi Hannah anali pa chibwenzi ndi Chrispine, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto. Abale onse anavomera, kupatula amalume ake, a Silvester, amene amalima kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Iwowa anavomera ndi pakamwa pokha. "Wakabaza lero alipo, mawa wagwa m'ngalande," anatero tsiku lokambirana, n'kunyamuka osatsanzika bwino. Vuto linali lakuti a Silvester ndiwo nkhoswe ya Hannah. Popanda iwo chinkhoswe sichikanatheka.

Ndiye tsiku la chinkhoswe linasintha. Akuchimuna anapempha kuti libwere pafupi, mvula isanatseke misewu. Panafunika kuuza mtundu wonse msanga. Msuweni wake wa ku Lilongwe, Edna, anali ndi mndandanda wa abale onse pakompyuta ya kuntchito, wokhala ndi ma imelo a am'tauni komanso manambala a akumudzi amene ali ndi timafoni ta mabatani. Edna anangoujambula n'kuuponya pagulu la banja la pa WhatsApp. Mmenemo munalinso nambala yatsopano ya a Silvester, poti yakale inapita ndi foni imene inabedwa pamsika.

Hannah atangoona chithunzicho anaseka. Tebulo la Edna linali litadya ziro woyamba wa nambala iliyonse, monga amachitira matebulo akaiona nambala ya foni ngati chiwerengero wamba. "Anthu a m'maofesi inu!" anatero yekha. Zimenezi anazizolowera. Anatola zonse, n'kukonza ma imelo awiri amene pulogalamu inawapotoza, kenako n'kulamula tebulo kuti liike +265 kutsogolo kwa nambala iliyonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anafananitsa ndi chithunzi, manambala onse anali ndendende. Analowetsa fayilo m'foni mwake, natumiza uthenga: am'tauni pa imelo, akumudzi pa meseji.

Mayankho anayamba kugwa madzulo omwewo. Azakhali a ku Manjawira anati abwera ndi mbale. Asuweni a ku Ntcheu Boma anati abwera ndi zokuzira mawu. Amalume okha, zii.

Anawaimbira. Foni sinalire n'komwe. Anaimbanso m'mawa mwake, chimodzimodzi. Apa mtima wa Hannah unayamba kuwawa, ndipo anadzipatsa yekha yankho: amalume awerenga uthenga, athimitsa foni dala.

"Kwera njinga ukawaone," anatero mayi ake. "Malume wako sauzidwa zoterezi pa meseji ngati wogula kachewere."

"Amayi, uthenga ndinatumiza. Nambala ndinaiona kawiri. Ngati sakufuna, anene."

"Nanga mwina nambalayo ndi yolakwika?"

"Yolakwika kwa ine?" Hannah anafunsa motero, ndipo mayi ake anangogwira pakamwa n'kutuluka.

Masiku anapita. Hannah ankagwira ntchito nkhope ili gwa, koma Chrispine akadutsa ndi njinga n'kuimba belu, ankalephera kumuyang'ana. Anali ndi mantha, ngakhale sakanavomera kwa munthu.

Chinkhoswe chitatsala pang'ono, kunabwera mayi Sofia, amene amagulitsa nsalu ndi zitenje kuseri kwa msika. Anali ndi sikirinishoti ya gulu la amalonda anzawo, ndipo ankafuna onse alowe m'foni yatsopano. Chithunzi chawocho chinali cha mndandanda wa pa WhatsApp penipeni, pomwe nambala ya munthu amene sunamusunge imaoneka yonse, ndi chiyambi cha dziko lake. Hannah anayamba kutsika nawo mzere. +265 99, +265 88, +265 99. Kenako +258 87. Pansi pake +258 86.

"Awawa ndi akutsidya, mwanawe," anatero mayi Sofia ataona kuti waima. "Usawasakanize ndi akuno."

Hannah anatsegula fayilo ya banja lake n'kupita pa dzina la a Silvester. Nambala yawo inayamba ndi 87. Za kuno kwathu zimene iye ankazidziwa zimayamba ndi 88, 99 kapena 98 ukachotsa ziro. Ya amalume inalibe ziro woti adyedwe, inali ya ku Mozambique chiyambire. Kutalika kwake kunali kofanana ndi zinazo, n'chifukwa chake inalowa m'gulumo osaoneka. Iye mwini, mwana wobadwira pamalire, ndiye anawaveka amalume ake +265, uthenga n'kupita kopanda munthu.

"Mayi, ndikhululukireni pang'ono," anatero. Anafufuta 265, n'kulemba 258, n'kuimba. Foni inalira kamodzi kokha.

"Ndani?"

"Ndine Hannah, amalume."

A Silvester anamutchula ndi dzina la mfunda, limene ankalisungira pa miyambo yokha. "Namaseko. Ndiye wakumbuka kuti uli ndi malume?"

"Amalume, ndinalakwitsa nambala yanu. Ineyo. Tsiku linasintha, ndipo ndimaganiza kuti mwakana kubwera."

"Zoti tsiku lasintha ndinamva kwa oyendetsa malole a kachewere. Ndinati mwina mwapeza nkhoswe ina, poti ine ndinalankhula zopweteka. Ndinachita manyazi kufunsa."

Hannah anayamba kulira, misozi ili mbwembwembwe, mayi Sofia akuyang'ana kumbali ngati akuwerenga kalendala ya pakhoma. Pa chinkhoswe, nkhoswe ya mkazi imapereka nkhuku yathadzi kwa akuchimuna, iwo n'kupereka tambala, ndipo Hannah anali asanayerekeze n'komwe kuganiza za nkhukuyo.

"Usalire, iwe," anatero a Silvester. "Thadzi lako ndakhala ndikulidyetsa padera kuyambira tsiku lija ndinachoka mokwiya. Lanenepa moti m'basiketi silikwana. Umuuze wakabaza wakoyo adzanditenge Lachisanu. Koma ayendetse bwino."