Tsiku loyesa limene ntchito anagwira ndi apongozi

Nditatsegula kashopu kathu kufupi ndi ku Bentley, ndinkaganiza kuti manja anga awiri akwanira. Tinkagulitsa ufa, nyemba, nsomba zouma, chinangwa, masamba ndi zina zimene anthu a kwathu amazisowa kuno kudziko la eni. Amuna anga amagwira ntchito ku migodi kumpoto, ndipo ndege ikawatenga amatha masabata ali komweko. Ana anali ku sukulu. Tsiku lokapikula masamba ku msika wa ku Canning Vale ndinkatsegula mochedwa, n'kupeza anthu atadikira mpaka ena atabwerera. Dokotala wa mano ndinamuzemba chaka chathunthu chifukwa chosowa womusiyira shopu.

Munthu amene amatiwerengera za msonkho anandichenjeza ndisanalembe aliyense.

"Kuno si kwathu," anatero. "Muyambe mwaona ngati viza yake ikumulola kugwira ntchito. Musamufunse zaka, za banja kapena kumene amapemphera. Kumuyesa kwa kanthawi kochepa inu mukuyang'ana n'kololedwa, koma akagwira tsiku lonse mumulipire monga lamulo likunenera."

Ndinakonza mafunso osavuta. Mungamabwere masiku ati? Munagulitsapo? Thumba la ufa mungalinyamule? Kasitomala akabwera atakwiya mungatani? Kenako ndinalengeza ku tchalitchi kuti ndikufuna munthu. Lolemba m'mawa panafika mtsikana wina wofatsa, wa kamwana kamodzi, amene mwamuna wake ankaphunzira pa yunivesite ku Crawley. Sanabwere yekha. Patsogolo pake panali apongozi ake, mayi aakulu amphamvu zawo, amene anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzathandiza kulera khandalo.

Ndinawapatsa mpando mayiwo, ine n'kutembenukira kwa mtsikanayo.

"Achemwali, mungamabwere masiku ati?"

"Masiku onse," anayankha apongozi. "Mwana ndimusunga ine."

"Munagulitsapo penapake?"

"Ine ndagulitsa pamsika kuyambira bambo wa mwanayu asanabadwe. Ameneyu ndimuphunzitsa."

"Amayi, pepani, ndimafuna ayankhe okha."

"Ayankhe, ndamutseka pakamwa ngati?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, akusisita kamwendo ka mwana. Ndinamufunsa za kasitomala wokwiya. Anangoti atsegule pakamwa, apongozi anali atayamba kale kufotokoza za bambo wina amene anawabwezera usipa atadyako theka. Nkhaniyo inali yaitali ndipo inali yokoma, koma sinandithandize chilichonse. Chimene ndinamva kuchokera kwa mwiniwake ndi dzina ndi za viza basi. Nditafufuza pa intaneti ndi chilolezo chake, ndinapeza kuti viza ili bwino. Ndinamuuza kuti abwere yekha Loweruka adzagwire tsiku lonse, ndidzamulipira. Mawu akuti "nokha" ndinawanena kawiri.

Loweruka anatsika basi atatu, iye, apongozi ndi mwana. Ndinawalowetsa onse, poti munthu wamkulu sungamubweze pakhomo.

"Ndikhala pakona apa, sindisokoneza," anatero mayiwo.

Anakhaladi pakona mpaka kasitomala woyamba atalowa. Anali bambo wa ku Zambia amene amagula kapenta. Ine ndinali ndikumuonetsa mtsikanayo mmene makina a kadi amagwirira, ndipo potembenuka ndinapeza mayiwo atamusenzetsa bamboyo kapenta, nyemba ndi chinangwa, akumuuza kuti waonda. Mwana anali atabwerera m'manja mwa mayi wake. Kuyambira pamenepo zinthu zinasokonekera. Mayiwo anasanja tomato m'milu ngati pamsika, pamene ife timagulitsa pa sikelo. Anachotsa nsomba pamalo pake n'kuziika pakhomo kuti fungo liziitana anthu. Mayi wina atagula ufa anamuikira anyezi awiri a basela. Wina atadandaula za mtengo wa mafuta, iwo anamutsitsira osandifunsa.

"Amayi, kuno mitengo sitinenerera. Ili m'makina."

"Makina adziwa bwanji kuti munthuyu abweranso mawa?"

Chondipweteka kwambiri chinali chakuti anthu ankawakonda. Shopu inadzaza ndi kuseka. Koma ine ndinkalipira munthu amene anaima kumbuyo kwa filiji akugwedeza mwana, ndipo sindinkadziwa ngakhale ngati amatha kubweza chenji. Masana ndinamutuma kuti atenge makatoni kuseri, ine n'kumutsatira.

"Achemwali, ntchitoyi mukuifuna ndinu kapena amayi?"

"Ndine, anti," anayankha motsitsa. "Kwathu ndinkagwira mu famase. Koma iwo akalankhula, ine ndilankhulenso chiyani? Ndimakhala nawo nyumba imodzi."

Apa m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinayenera kuchiganizira m'mawa. Mayiwo anali pa viza ya alendo. Ndinadikira kuti m'shopu mukhale mopanda anthu, ndinawathira tiyi, n'kukhala nawo pansi.

"Amayi, kugulitsa mumakutha kuposa ine. Koma viza yanu sikulolani kugwira ntchito. Zikadziwika, inuyo akhoza kukubwezani kumudzi, ine n'kundilipiritsa."

"Ndani wagwira ntchito? Ine ndikuthandiza mwana wanga. Mwandipatsa ndalama?"

"A boma sayang'ana ndalama zokha. Wogulitsa pa kauntala ndi wantchito."

"Dziko lanji loletsa munthu kuthandiza?" Anaika kapu pansi. "Mukanangonena kuti simukutifuna."

Ananyamula mwana n'kutuluka osatsazika. Mtsikanayo anaima pakati, osadziwa kuti atsatire kapena atsale, ndipo ndinamuuza kuti apite, tsiku lake ndimulipira lonse. Lamlungu ku tchalitchi ndinapatsidwa moni wozizira ndi amayi angapo. Mmodzi anandikokera pambali n'kundifunsa ngati n'zoona kuti ndinaopseza munthu wamkulu ndi apolisi. Amuna anga nditawaimbira ku mgodi anangoti, "Bwanji osangolemba wina?" Ndinawafunsa ngati winayo akabwera wopanda abale. Iwo anati netiweki ikuvuta.

Ndinamuimbira mtsikanayo kuti abwerenso Lachitatu, tsiku lina loyesa, lolipidwanso. Anabwera yekha, nthawi isanakwane. Ndinamufunsa mafunso aja kachiwiri, ndipo mayankho anali osiyana. Masiku onse sakanatha, koma atatu pa sabata. Thumba lalikulu la ufa sakanalinyamula yekha chifukwa anabereka ndi opaleshoni, choncho tinagwirizana zogula kangolo kokankha. Pa kauntala anali wochedwa, ndipo mawu ake anali aang'ono moti azungu ankamufunsa kawiri. Makina a kadi atakana, sanabise, anandiitana. Mayi wina atabweza nyemba zofumbwa akukalipa, iye anamusiya alankhule mpaka atamaliza, anapepesa, n'kundifunsa ngati timasintha kapena kubweza ndalama. Madzulo anandifunsa ngati tili ndi nsalu ina yopukutira sikelo, kuti ya nsomba isakhudze masamba. Sanali wodabwitsa, koma ndinaona kuti ndikhoza kumusiyira makiyi.

Ndinamulemba. Mapepala a msonkho, a penshoni ndi a inshuwalansi ananditengera masiku, ndipo ndinkang'ung'udza pa tsamba lililonse. Apongozi ake sanandilankhule mpaka nthawi yawo yobwerera kumudzi itayandikira. Tsiku lina analowa m'shopu ngati kasitomala, anagula sopo wokapatsa anthu kumudzi, n'kuyang'ana mpongozi wawo akudina makina. Potuluka anaima pafupi ndi ine.

"Mwanayu muzimupatsa nthawi ya kudya," anatero. "Sanena akamva njala."

Ndinawalonjeza, ndipo ndinawanyamulira jumbo mpaka pokwerera basi.