Ndime Yovala Jekete

Kusekondale kwathu ku Ntcheu anzanga ankati ndinameza dikishonale, ndipo ine ndinkamva ngati akundiyamikira. Pamene mnzanga walemba kuti mvula inagwa, ine ndinkadzaza theka la tsamba ndisanafike n'komwe pa mitambo. Kaya aphunzitsi athu ankazikondadi zimenezo, kaya ankangotopa n'kuchonga, sindidziwa. Chizungu chimenecho ndinabwera nacho kuno ku Cape Town, koma ku Montague Gardens, kumene ndimasanja makatoni pa mapaleti, palibe amene amachifuna. Bwana wathu akati "move", nkhani yathera pomwepo. Choncho ndinkachisunga ngati jekete ya pa ukwati, n'kumachitulutsa Lamulungu popereka zolengeza kutchalitchi, komanso mwana wanga wamkazi akabwera ndi ntchito ya kusukulu.

Mwanayu analeredwa ndi agogo ake, amayi anga, mpaka pamene ine ndi mayi ake tinakhazikika ku Dunoon n'kumuitanitsa. Masamu ake anandisiya m'mbuyo kalekale. Chikhosa ndiye amachita kunditanthauzira ndi iyeyo tikakwera takisi. Chimene chinatsala choti n'kumuthandiza ngati bambo wophunzira chinali Chizungu basi, ndipo ndinkanyadira kwambiri akabwera ndi kope lake n'kunena kuti, "Adadi, tandionereniko." Mawu amenewo ankandichotsa kutopa kwa tsiku lonse.

Ali giredi 11 anawapatsa chimangirizo chofotokoza tsiku limene sadzaliiwala. Iye anasankha tsiku limene tinalandira uthenga wa maliro a agogo ake, chaka chapitacho. Ndime yake yoyamba inali yaifupi, ndipo nditangoiponyera diso ndinapukusa mutu. Ndinati nkhani ya maliro siilembedwa ngati chikwangwani cha pamsewu. Kwathu munthu wobweretsa uthenga wotere amayamba wakhala pansi, kupereka moni, kufunsa za ana, kenako n'kumayandikira pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti ndime yakeyo ikusowa jekete, ndipo ndinatenga cholembera n'kuiveka jeketeyo, tayi ndi nsapato zomwe. Inayamba ndi "First and foremost, it goes without saying", ndipo m'Chichewa inkamveka chonchi:

"Choyamba ndi choyambirira, n'zosachita kufunsa kuti moyo wa munthu pa dziko lino lapansi ndi ulendo wautali ndiponso wotalika, umene pa nthawi zina ndi zina umakumana ndi zokhoma komanso zovuta. Kunali pa tsiku lina mwa masiku oterowo pamene uthenga wachisoni ndi wodandaulitsa unalandiridwa ndi banja lathu, wonena za chinthu chimene chimayembekezereka kugwera aliyense wobadwa mwa mkazi, ndipo misozi yosawerengeka inakhetsedwa."

Nditawerenga mokweza ndinadzigomera ndekha. Ndinafika pomuuza mwanayo kuti aphunzitsi ake akamufunsa, asandibise.

Chimangirizocho chinabwerako Lachisanu, ndime yanga itazunguliridwa ndi cholembera chofiira. M'mbali mwake aphunzitsi analemba kuti: "Who died? Who cried? Where are you in all this?" Pansi pake anawonjezera kuti ndimeyo yadya mawu ambiri mwa mawu amene amaloledwa, koma nkhani isanayambe. Anamupatsa mwayi woti ailembenso n'kukapereka Lolemba, poti malikisi ake ankalowa m'zotsatira za chaka.

"Aphunzitsi a masiku ano sadziwa Chizungu," ndinatero.

"Ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, adadi."

Mayi ake, amene anali atangofika kuchokera ku ntchito ya m'nyumba ku Table View, anavula nsapato akuseka. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero. "Ine ndinamva tsiku lija mukuwerenga, ndinkayesa zolengeza za kutchalitchi. Kumenenso kuja, bambo, mukaimirira anthu amayamba kufufuza mafoni m'matumba."

Zimenezo ndinazimeza. Chimene chinandilasa mtima ndi chimene mwanayo ananena akutseka kope lake: "It's fine, adadi. Ndilemba ndekha." Sanakalipe, anangonena mwaulemu ngati mmene timauzira mlendo kuti asavutike n'kutsuka mbale. Ndinachita mantha kuti kope lija silidzabweranso kwa ine.

Loweruka masana, mphepo ija ya kuno ikugwedeza malata, ndinamupeza atakhala pa tebulo. Ndinakoka mpando n'kunena kuti ndangobwera kudzaonerera. Anandiyang'ana mokayikira, koma anandisendezera pepala.

"Aphunzitsi atiuza tichite chonchi," anatero. "Pa chiganizo chilichonse mufunse kuti ndani wachita chiyani. Mukapanda kumupeza munthu, chiganizocho chichoke. Mawu awiri akamanena chinthu chimodzi, limodzi lichoke. Kenako muwerenge mokweza. Mpweya ukakutherani pakati, ndiye kuti chatalika."

Tinayamba ndi chiganizo choyamba. Ndani wachita chiyani? Ndinati moyo ukuyenda ulendo. Anandifunsa ngati pali munthu ku Dunoon konse kuno amene sakudziwa kuti moyo uli ndi mavuto. Ndinati mwina alipo. Anadula mzere pa chiganizo chonsecho, ndi "first and foremost" wanga yemwe, ine n'kumva ngati andizula dzino.

"Nanga apa, wachisoni ndi wodandaulitsa zikusiyana pati?"

"Linalo ndi lolemererapo."

"Ndiye tisunge liti?"

Tisanagwirizane n'komwe anadula onse awiri, ati uthenga wa maliro suchita kufuna chizindikiro choti ndi wachisoni. Pa "unalandiridwa ndi banja lathu" anafunsa kuti anaulandira ndani, ndipo anaulandira bwanji. Ndinati ineyo, pa foni. Analemba kuti foni ya adadi inalira. Pa misozi yosawerengeka ija anafunsa kuti inali ya ndani. Pamenepo ndinayang'ana kudenga, chifukwa kunena zoona, tsiku limenelo palibe amene anaona msozi wanga.

Nditaona kuti jekete yanga yatha kung'ambidwa, mtima unandipsa. Ndinalanda cholembera n'kunena kuti ngati akufuna zachidule, ndiwapatsa zachidule. Ndinalemba kuti: "Agogo anamwalira. Tinamva chisoni. Basi." Ndinamuponyera pepalalo ngati ndawina mlandu.

Anawerenga osaseka. "Apa mwachotsa jekete ndi munthu yemwe," anatero, pobwereza fanizo langa lomwe. "Sanati tifupikitse chabe, adadi. Malo amene tapulumutsa aja tiikepo zimene ndinaona ndi maso anga. Aliyense akhoza kulemba kuti tinamva chisoni. Zimene zinachitika m'nyumba muno ndikuzidziwa ndine."

Anawerama n'kuyamba kulemba, dzanja lina atatchinga pepala. Ankalemba, kufufuta, kunong'ona yekha, kulembanso. Ine ndinapita kukatereka tiyi amene palibe anandipempha. Nditabwerako anati, "Tsopano muwerenge mokweza, timve ngati mpweya ukuthereni." Ndinakonza kukhosi monga ndimachitira kutsogolo kwa mpingo, n'kuyamba:

"Foni ya adadi inalira ndikuchapa masokosi a kusukulu. Anayankha ataimirira, kenako anakhala pansi pa simenti ngakhale mpando unali pomwepo. Atadula foni anandiitana n'kuyankhula nthawi yaitali za moyo, za maulendo ndi za chifuniro cha Mulungu. Madzi a sopo anandiumira m'manja ndikudikira. Sananene kuti agogo amwalira. Ndinachita kudziwa ndekha. Agogo anawaika m'manda mawa lake, basi yopita kwathu isanatuluke n'komwe m'dziko lino."

Mpweya unandithera ndithu, koma osati chifukwa cha kutalika kwa ziganizo. Ndinaika pepala pa tebulo n'kuyesa kubwezeretsa ulemu wanga. Ndinati ndimeyi ili bwino pang'ono, kungoti mawu akuti "nthawi yaitali" akukokomeza, ndipo nkhani ya simentiyo anthu angaganize kuti kwathu kulibe mipando.

"Ndi liti mwa mawuwa limene lili labodza?" anafunsa. "Mundiuze ndilichotse."

Ndinabwereza ndimeyo chamumtima, kufunafuna ngakhale liwu limodzi loti ndilikole. Zaka zonse zija ndinkatha kupeza chowonjezera pa chiganizo cha munthu aliyense, koma apa ndinasowa polowera. Mwanayo anali atandijambula bwinobwino: bambo wamkulu, atakhala pansi, akuzungulira nkhani ngati wosochera pamsika, mwana wake akudikira ndi sopo m'manja. Ndipo ndinazindikira kuti chaka chonse chimenechi ndinkangoti "chichitikireni zija", "chigwereni zovuta zija", mwinanso "amayi atatsogola". Kwathu ndi ulemu kutero, ndipo ndimaulemekezabe mwambowo. Koma kwathuko munthu amazungulira podziwa kuti mawa aona bokosi ndi maso ake, aponya dothi, nkhani ifika yokha pamene ikupita. Ine ndinali ndisanaone manda. Ndinangozungulira, osafika.

"Palibe labodza," ndinatero. Kenako pakamwa panga panatuluka chiganizo chachifupi kuposa zonse zimene ndinanenapo chiyambire sukulu: "Amayi anga anamwalira, ine kulibe."

Misozi imene m'ndime yanga ija inalibe mwiniwake inamupeza mwiniwake masana amenewo. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi zonse, tiyi n'kuzizira pa tebulo. Mayi ake anatuluka m'chipinda, anatiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lathu sananene mwambi uliwonse. Mwanayo anasendeza mpando wake kufupi ndi wanga n'kulira nane. Uwu ndiwo unali mwambo wa maliro umene tinachita kuno.

Lolemba anakapereka chimangirizo chake. Malikisi anakwera ndithu, ngakhale aphunzitsi anapezabe zina zoti akonze m'ndime za kutsogolo, zimene ine ndinalibe nazo mlandu, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense m'nyumba wadziwa zimenezo. Kutchalitchi zolengeza zanga zinafupikako, moti mkulu wa mpingo wina anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndikudwala.

Koma kope lija linakhala masabata angapo osabwera, ine n'kumangodutsa pafupi ndi tebulo ngati ndataya kanthu. Kenako tsiku lina nditangofika kuchokera ku ntchito, ndisanavule n'komwe majombo, ndinalipeza pa mpando wanga. Inali ntchito ina, ya zimene agogo ake ankachita pa tsiku la msika, ndipo panali zina zimene iye anali ataziiwala.

"Adadi, tandionereniko," anatero. Nditatambasula dzanja kuti nditenge cholembera, anachibisa kumbuyo. "Ayi, icho ndigwira ndine. Inuyo mungondiuza: agogo ankavala chiyani popita kumsika?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ndi mbiri ya misika ya ku Ntcheu. Ndinatsekanso.

"Nsapato zanga zakale za kusekondale," ndinatero. "Zinkawakulira, ndiye ankaikamo nsanza kutsogolo."

Analemba momwemo.