Payipi ya Gasi Simangidwa ndi Mphira

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, amakonza njinga ku Ligowe, ndipo amaona ngati chilichonse padziko pano ndi njinga. Ndowa ikabooka, mphira. Mpando ukagwedera, mphira.

Atabwera kudzacheza kwathu pa Neno Boma, anapeza nditatulutsa silinda ya gasi ndi sitovu yake pakhonde. M'mawa umenewo m'khitchini munkamveka fungo ngati la kabichi wowola. Ndinatseka gasi, n'kutsegula zitseko ndi mawindo, osakhudza switchi kapena machesi. Gasi ndi wolemera, amakhala pansi, ndipo pansipo ndi pomwe mwana wanga wa miyezi isanu ndi inayi ankakwawa.

Ndinasungunula sopo m'kapu, n'kutsegula gasi pang'ono sitovu ili yozima, n'kupaka thovu molumikizira monse. Pamutu pa silinda, zii. Pomwe payipi imalowa ku sitovu, timathovu tinayamba kufufuma. Ndinatseka, n'kulimbitsa kachitsulo komangira payipi, n'kuyesanso: bata. Koma nditapaka payipi yonse, pakati pake panatuluka thovu ngati la mowa wamasese. Inali itang'aluka.

"Basi, yatha iyi," ndinatero. "Tiitanitsa ina ku Blantyre."

Alamu anaseka. "Ha! Alamu, kabowo aka? Anthu a muofesi kuwononga!"

Anasolola mphira ya chubu m'thumba, n'kukulunga payipi mwaukatswiri, lilime lili panja. Ndinapakanso sopo. Thovu linatulukira m'mphepete mwa mphirayo. Anawonjezera ina. Thovu. Yachitatu. Thovu lomwelo, payipi itatupa ngati mwendo wa munthu wodwala.

"Sopo wanuyu ndi wathovu kwambiri," anatero. Tamvani nzeru zake! Kenaka: "Tabweretsani machesi tione ngati gasi akutulukadi."

Ndinayang'ana amuna anga. Bambo wophunzira, wa tayi, anangoti, "Achimwene amazidziwa izi, mayi a mwana." Ankaopa akulu awo kuposa moto. Ndinanyansidwa nawo onse awiri.

Mkazi sakweza mawu kwa alamu ake aakulu, ndinaleredwa choncho. Ndiye sindinakweze mawu. Ndinatseka gasi pasilinda, n'kulowa m'nyumba. Iwo ankayesa ndikukatenga machesi. Ndinabwera ndi mpeni, n'kudula payipi ija pawiri, kenaka panayi, n'kugwada bwinobwino, n'kuwapatsa zidutswazo ndi manja awiri.

"Mphira yanu ili pomwepo, alamu. Mukamangire njinga."

Ananyamuka osadya. Masiku anayi tinaphika pambaula, kudikira payipi yatsopano pa minibasi, amuna anga akundiumiriza kuti ndikapepese. Ndinawauza kuti akapepese okha, poti amazidziwa izi.

Mpaka lero alamu akandiona pamaliro amayang'ana kumbali, ndipo ku Ligowe ndimatchedwa mkazi wamwano. Zilibe kanthu. Mwana uja tsopano amapita kusukulu, khungu lake lilibe chipsera ngakhale chimodzi.