Zithunzi za Amayi Ovula Mipango

Aliyense amene anakwatira ku Mbombwe zaka zapitazi anamuonapo Hidaya atagwada pakati pa gulu, kamera ili kumaso, akukalipira mkwati kuti amwetulire ngati munthu wobwera mwa kufuna kwake. Ndi mayi wamfupi koma wa mawu aakulu. Anayamba ndi kafoni kong'aluka galasi, kujambula makwaya ndi ana omaliza sukulu. Lero akabaza akamuona ndi chikwama chake chakuda amachita kulimbirana, poti amadziwa kuti kumene akupitako kuli mpunga.

Koma chimene chinamukweza si kamera ayi. Pa maukwati achisilamu, amayi akadzitsekera okhaokha kulangiza mkwatibwi, amavula mipango, kumasula tsitsi, n'kuvina mpaka agogo kuiwala nyamakazi. Wojambula wamwamuna safika ndi pakhonde pomwe. Hidaya yekha ndiye amalowa, ndipo lamulo lake ndi limodzi: zithunzi zimenezo mwamuna wachilendo asazione. Amayiwo ankamukhulupirira ngati mzamba.

Chaka china laputopu yake inafa ndi ukwati wathunthu m'mimba, ndipo Hidaya anadwala nazo mtima. Ndiye Stewart, mnzake wa ku sekondale amene amakonza zamakompyuta ku Limbe, anamutsegulira baketi pa kilaudi. Anamufotokozera kuti ndi nkhokwe ya mafayilo ya pa intaneti, yoti laputopu ikafa zithunzi zimatsala, ndipo wolowamo ndi mwini yekha. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene Hidaya wajambula chinkapita mmenemo.

Vuto linabwera ndi ukwati wa Tatu, mwana wa Abiti Rajabu. Mchimwene wa mkwatibwi, Khalil, anali ku Joni, ndipo ankafuna zithunzi za panja pa mzikiti zosaphwanyika ngati za pa foni. Hidaya anamutumizira linki, linki n'kukana. Khalil n'kumaimba ngati walipira ndiye. Stewart foni osayankha. Hidaya, amene sakonda kuoneka wolephera, anapeza kavidiyo pa intaneti, n'kutsatira: anachotsa chotchinga, n'kulola kuti aliyense aziwerenga za m'baketimo. Kompyuta inamuchenjeza m'Chingerezi chambirimbiri, iye n'kungodina kuti eya, monga timachitira tonsefe. Linki inatseguka, ndipo tsiku limenelo anayenda modzimva.

Patapita masiku, ali mkati mojambula mbuzi za mlimi wina, Khalil anaimbanso. Anati pokopera linki ija anadula kumapeto mwangozi, ndipo m'malo mwa chithunzi panatuluka maina a mafayilo onse, maukwati a anthu ena, ngakhale chikwatu cholembedwa kuti cha amayi. Analumbira kuti sanatsegule.

“Koma alongo, ngati ndaona ine, ndiye kuti aliyense akhoza kuona,” anatero.

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu limeneli linawawa. Hidaya anazisiya mbuzi zija zili chiimire, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, njira yonse akuona nkhope za amayi aja m'maso mwake.

Anamupeza Stewart akudya chinangwa pa desiki. Sanamunyoze, ngakhale pakamwa pankamuyabwa. Anati kuseka pambuyo, kutseka kaye. Anabwezeretsa chotchinga chija, n'kufufuta chilolezo cha aliyense chimene Hidaya anaika. Kenaka anatenga foni ya mayi wogulitsa mandasi panjapo, yosadziwana ndi akaunti ya Hidaya, n'kuyesa linki ija. Inakana. Hidaya sanakondwerepo ndi kukanidwa ngati tsiku limenelo, mpaka anagula mandasi osawafuna.

Anafuna kunyamuka, koma Stewart anamukhazika pansi. Kutseka chitseko, anatero, sikubweza zimene zatuluka kale. Mwamwayi, pomutsegulira baketiyo poyamba paja Stewart anayatsa malogi, amene amalemba fayilo iliyonse yatengedwa, nthawi yake, ndi adiresi ya intaneti ya wotengayo. Anayamba kuwerenga kuchokera tsiku la kavidiyo lija. Adiresi ya ku South Africa inatenga za pa mzikiti zokha, Khalil sananame. Koma panalinso ina yachilendo, yooneka kuti ndi makina aja amangoyendayenda pa intaneti kusaka mabaketi otsegula. Inatola apa ndi apo: kwaya ya ku Nguludi, ng'ombe ya munthu, ndi chithunzi chimodzi cha m'chikwatu cha amayi. Hidaya anachitsegula yekha, Stewart atatembenukira kukhoma. Anali Abiti Rajabu, mutu uli pamtunda, imvi zili mbee, akuvina mikono m'mwamba.

Hidaya anafunsa ngati n'kotheka kuchilondola. Stewart anapukusa mutu, nati mwina palibe munthu adzachiyang'ane, koma iye sangalumbire. Madzi akatayika saoleka.

Zotsala zinali zoti zisadzachitikenso. Stewart anatchinga akaunti yonse kuti baketi iliyonse, ngakhale yatsopano, isatsegulidwe kwa anthu. Anamupangira Hidaya polowera pa tsiku ndi tsiku, potha kuika ndi kutumiza zithunzi koma posatha kukhudza chotchingacho, nati izi akuteteza Hidaya kwa Hidaya. Anaikanso kuti wina akasintha zilolezo uthenga ubwere pa mafoni awo onse. Pomaliza anamuphunzitsa chimene akanachita poyamba paja: kupanga linki ya fayilo imodzi yokha, yomwe imafa yokha nthawi yake ikakwana. Hidaya anayeserera mpaka Stewart anadandaula kuti chinangwa chake chauma.

Pobwerera, mtima unamunong'oneza kuti angokhala chete. Ndani akanadziwa? Koma anaganiza zodzalowanso m'chipinda cha amayi, iwo akuvula mipango pamaso pake, iye atabisa nkhani pansi pa lilime, ndipo anachita manyazi. Mmawa mwake anayamba kuuza eni zithunzizo, kuyambira a kwaya, amene anangoti bola atchuka kunja. Mwini ng'ombe anafunsa ngati azunguwo akufuna kuigula.

Atapita kwa Abiti Rajabu, Hidaya anawapeza akusankha nandolo pakhonde. Anakhala pansi, n'kufotokoza zonse popanda kudzikometsera, kuti wolakwa si kompyuta koma changu chake. Mayiwo anamvetsera osaleka kusankha. Kenaka anapukuta manja n'kupempha kuti achione chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndiye ndinavina chonchi ine?” anafunsa.

“Munaposa atsikana onse, mayi.”

Mayiwo anaseka pang'ono, koma kusekako sikunakhalitse. Anati mutu umenewo, chimwalirireni bambo a Tatu, palibe mwamuna anauonapo. Anamuuza kuti afufute chithunzicho, ndi zina zonse zimene iwo alimo opanda mpango, pomwepo iwo akuona. Hidaya anafufuta pa kilaudi ndi pa laputopu pomwe. Zinamupweteka, pakuti pa ntchito yake yonse sanajambulepo munthu wosangalala choncho.

Anatseka chikwama, akudziwa kuti mawu amodzi a mayiwa ku mzikiti akhoza kumutsekera zitseko zonse za amayi mpaka ku Ndunde. Atatsanzika n'kufika pa mpanda, Abiti Rajabu anamuitana.

“Mwezi wamawa tikulangiza Shukuru, mwana wa mng'ono wanga. Ubwere ndi kamera yakoyo. Amayi ndikawauza ndekha zachitikazi, ndipo ndikawauzanso kuti ndinazimva kwa iwe.”