Phala la Ana Asukulu pa CV Yanga

Nditamva kuti loji ina ku Liwonde ikufuna woyang'anira antchito okonza m'zipinda, ndinakwera minibasi kupita ku Balaka kwa alamu anga, akazi a achimwene. Iwo amagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito. Ndinkafuna andithandize kuika mbiri yanga pa tsamba la intaneti lofunsirapo ntchitoyo.

Anawerenga CV yanga uku akudya chinangwa chophika. Atafika pansi penipeni, anaseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, zaka zonse zija munkaphikitsa phala kusukulu kwa Mposa, mwangolemba kuti 'kuthandiza m'mudzi'? Ndiponso pamalo a zokonda, pafupi ndi kumvera wailesi?"

"Nanga si sindinkalipidwa," ndinatero.

"Iyayi, olemba ntchito safuna kudziwa zimenezo. Akufuna kudziwa zimene manja anu anachita. Tandiuzani, ankagawa masiku ophika ndani?"

"Ine."

"Amayi akakangana?"

"Ankabwera kwa ine, ena pa Chiyao, ena pa Chichewa."

Ndinayamba kufotokoza, ndipo pakamwa sipanatsekekenso. Ndinawauza za mwezi wa Ramadani, pamene ndinapempha amayi achikhristu kuti aziphika okha, anzawo osala kudya apume ku utsi. Kenako amayi achisilamu anabweza masikuwo pa sabata ya Pasaka. Ana sanaphonye phala.

Alamu anaika chinangwa pansi n'kutenga foni yanga. Anachotsa mawu aja pa zokonda, n'kutsegula gawo lakelake la ntchito zongodzipereka. Analemba udindo wanga, wapampando wa komiti ya phala, ndi zaka zake. Mzere uliwonse anauyamba ndi zimene ndinachita: ndinakonza kasinthasintha wa ophika, ndinaphunzitsa atsopano zaukhondo, ndinathetsa mikangano m'zilankhulo ziwiri. Ankayang'ana chilengezo cha lojiyo kuti mawu athu agwirizane ndi zimene ankafuna. Nditakomedwa nazo, ndinati tilembenso kuti ndinkasunga makiyi a sitolo ya ufa.

"Munkasungadi?"

"Ankasunga ndi ahedi."

"Basi zisiyeni. Ahediwo ndi amene tiwaike kuti akuchitireni umboni, ndipo a kulojiwo adzawaimbira."

Tinawaimbira ahedi kuwapempha chilolezo. Anavomera mokuwa mpaka achimwene anamva ali panja.

Pa intavyu, bambo wina wa magalasi anangoyang'ana setifiketi yanga ya Fomu 4 n'kuiika pambali. Anati, "Mayi, tiuzeni za kasinthasintha uyu. Kuno anthu amalimbirana kupuma Lachisanu ndi Lamulungu." Mantha onse anandithera. Ndinalankhula ngati ndili pansi pa mtengo wa mango kusukulu kuja, manja ali m'mwamba.

Foni yondiitana kuntchito inandipeza ndikukolola nandolo. Ndinathamangira kusukulu ndi lichero lomwe m'manja. Amayi ophika phala anasiya mithiko m'miphika, nthungululu kuti wee, ana n'kutuluka m'kalasi kudzaona. Mayi wina wachikulire, amene tinkakangana naye kwambiri pa nkhani ya nkhuni, anandivinira mondizungulira, kenako anandinong'oneza kuti ndikadzapitanso ku Balaka ndidzatengane ndi mwana wake wamkazi, amene amayeza ana kusikelo mongodzipereka, kuti alamu akamukonzerenso CV.